Mtsinje ukadzaza m'mawa wa intavyu

Uthenga woitana munthu ku intavyu sufika kawirikawiri pa pepala masiku ano. Umabwera pa foni, nthawi zina pa nambala ya mlongo kapena ya mphunzitsi wa pasukulu yapafupi, ndipo umakhala waufupi: mubwere Lachisanu, 9 koloko m'mawa, mutenge reji ndi masatifiketi anu. Kwa munthu wa ku Kabwata kapena ku Chelstone mu Lusaka, uthenga wotere ndi nkhani ya kusita malaya. Kwa mnyamata kapena mtsikana wa m'dera la Mfumu Yaikulu Luembe, m'boma la Nyimba, ndi nkhani ya msewu, ya mvula, ya ndalama ya honda, ndiponso ya ngati mtsinje ulola.

Dera la Luembe lili kuchigwa cha Luangwa, kutali ndi tala wa msewu waukulu wochokera ku Lusaka kupita ku Chipata. Mbali ina ya derali ili m'malo osungira nyama a West Petauke. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, timitsinje tomwe mu Okutobala ana amaseweramo mchenga timadzaza usiku umodzi, ndipo munthu amene anagona atakonzeka zonse amadzuka n'kupeza kuti njira palibe. Ena chimene chimawagwira si madzi koma maliro, mwana wodwala malungo, kapena galimoto imene inalonjeza kunyamuka mbandakucha koma yafera panjira.

Zikatere ambiri amangokhala chete. Amachita manyazi, amaopa kuti bwana awakalipira, amadziuza kuti mwayi wapita kale. Ine ndikuona kuti mwayi sutayika pa nthawi imene mtsinje wadzaza. Umatayika m'maola awiri kapena atatu otsatirawo, pamene munthu ali ndi foni m'manja koma sakuimba.

Tsikulo ndi la anthu angapo

Kuti munthu apemphe bwino zomusinthira nthawi, ayenera kudziwa chimene akupempha. Tsiku la intavyu si la munthu mmodzi amene anakuimbirani uja. Pa ntchito zambiri za mabungwe ndi za khonsolo pamakhala gulu la ofunsa, anthu atatu kapena kuposerapo: mkulu wa gawo limene likufuna munthu, woona za antchito, ndipo nthawi zina mlendo wochokera ku likulu. Mlendo ameneyu ndiye amavuta. Ngati wachokera ku Chipata kapena ku Lusaka, wabwera ndi galimoto ya kuntchito, mafuta ake anasainidwa, malo ogona analipiridwa, ndipo tsiku lobwerera linalembedwa kale. Kuchoka ku Lusaka kufika ku Nyimba ndi makilomita oposa 300. Palibe amene adzayendenso ulendo umenewo chifukwa cha munthu mmodzi.

Ofunsawa amakhala ndi pepala la mafunso ofanana kwa onse, aliyense n'kumalemba malikisi ake. Akatha kufunsa womaliza amaphatikiza malikisi, kusanja mayina kuyambira woyamba, kulemba lipoti ndi kulisaina. Dzina la amene sanabwere limalembedwa kuti sanaonekere. Lipoti likasainidwa n'kutumizidwa kwa wovomereza, kulitsegulanso n'kovuta kwambiri, chifukwa amene anapambana akhoza kudandaula kuti pachitika zokondera, ndipo owerengera mabuku a bungwe amafunsa chifukwa chake munthu mmodzi anafunsidwa payekha. Choncho pempho lanu liyenera kufika lipotilo lisanasainidwe. Ndiponso likhale pempho loti akupezereni mpata mkati mwa nthawi imene ofunsawo adakali pamodzi, osati loti akukonzereni tsiku lanulanu.

Olemba ntchito amasiyana pa mpata umene ali nawo. Mwini shopu ya zipangizo pa Nyimba, mwini loji kapena sukulu ya munthu payekha amatha kunena kuti bwerani Lolemba, chifukwa wofunsa ndi wosankha ndi iye yemweyo. Mabungwe ogwira ntchito ndi alimi ndi osamala nkhalango, amene m'chigwa muno alimo ndithu (COMACO ndi BioCarbon Partners ndi mayina odziwika kuno), ali m'gulu la olemba ntchito amene kawirikawiri amatsata ndondomeko yolembedwa, ndipo pa malo otere mpata umapezeka koma ndi wopapatiza. Kumene kulibiretu mpata ndi kolemba anthu ambiri nthawi imodzi. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 ndi azaumoyo oposa 11,000, ndipo chaka chomwecho kunali kalembera wa anthu amene anafuna owerenga m'boma lililonse. Pa ntchito za mtundu umenewu tsiku la mayeso kapena loonetsa mapepala limakhala la mazana a anthu, ndipo pamakhala mayina ena odikira pamzere. Kupempha n'kololedwa, koma munthu asadzinamize. Ngati pali njira iliyonse yofikira, ngakhale yozungulira, afike.

M'mawa wa Lachisanu

Tiyeni titsate chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Tiyerekeze mtsikana wa kwa Luembe amene anaphunzira za ulimi, ndipo bungwe lina la alimi lamuitana ku Petauke pa ntchito ya ulangizi. Amuimbira Lachiwiri kuti intavyu ili Lachisanu, 9 koloko. Iye wapangana ndi wa honda kuti anyamuke 4 koloko m'mawa kukafika pa Nyimba, kenako akwere galimoto ya ku Petauke, mtunda wa makilomita pafupifupi 70. Usiku wa Lachinayi mvula yagwa mpaka kucha. Pofika pamtsinje cha m'ma 5 koloko, madzi ali m'chifuwa ndipo akuthamanga. Wa honda wakana, ndipo wachita bwino. Palibe ntchito yoyenera kuti munthu aponyere moyo wake m'madzi otero.

Choyamba chimene mtsikanayu akuchita si kuimba foni. Akufunsa anthu a pafupi ndi dooko, amene amaudziwa mtsinjewo, kuti madzi otere amaphwa nthawi yanji mvula ikaleka. Akumuuza kuti kukapanda kugwanso kumtunda, pofika masana anthu awoloka. Yankho limeneli ndi lamtengo wapatali, chifukwa likumupatsa chinthu choti alonjeze. Akawoloka 12 koloko, pa Nyimba afika cha m'ma 2, ndipo ku Petauke asanakwane 4 koloko.

Chachiwiri, akukwera pamtunda pamene netiweki imagwira n'kutumiza meseji pa nambala imene inamuimbira Lachiwiri. Nthawi ili 6 koloko, ofesi sinatsegulidwe, koma mesejiyo ikhala umboni woti anadziwitsa nthawi isanakwane. Aitumiza ngati meseji wamba, osati pa WhatsApp pokha, chifukwa meseji wamba imadutsa ngakhale netiweki ili yofooka. Mawuwo awalemba m'Chingerezi, monga mmene makalata a ntchito amalembedwera m'Zambia, koma zimene akunena ndi izi: dzina lake lonse, ntchito imene anafunsira, kuti anapatsidwa 9 koloko lero, kuti ali pamtsinje wodzaza panjira yochokera kwa Luembe, kuti akupepesa, kuti ntchitoyo akuifunabe, ndipo akupempha kuti amuike kumapeto kwa mndandanda wa lero, pakuti akhoza kufika 4 koloko. Akumaliza ndi kunena kuti aimba 8 koloko.

Onani zimene sanalembe. Sanafotokoze mbiri ya umphawi wa kwawo, sanadandaule za misewu kapena za aphungu, sanalembe kuti chonde mundithandize ndine mwana wamasiye. Wolandira mesejiyo ali ndi mphindi imodzi yoiwerenga asanalowe m'chipinda, ndipo ayenera kutha kuiwerengera anzake mmene ilili.

Itakwana 8 koloko akuimba. Kukambirana kwake kungayende motere.

"Mwauka bwanji, mayi? Ndine uja munandiitana pa ntchito ya ulangizi, 9 koloko lero. Ndatumiza meseji m'mawa, kaya mwaiona?"

"Ndaiona. Ndiye simubwera?"

"Ndibwera, mayi, koma 9 koloko sindikwanitsa. Ndili pamtsinje kuyambira 5 koloko. Eni dera akuti masana madzi aphwa. Ngati n'kotheka, ndiikeni womaliza. Zikavuta, ndingayankhe mafunso pa foni nthawi iliyonse imene mungandipatse lero, mapepala ndidzabweretse ndekha."

"Sindingalonjeze. Ndiyenera kufunsa apampando."

"Zikomo, mayi. Ndiimbenso nthawi yanji kuti ndimve?"

Funso lomalizali ndi lofunika kuposa mmene limaonekera. Munthu amene ali pa netiweki yodukaduka asavomere mawu oti tikuimbirani, chifukwa akadzaimba foni n'kupeza yosagwira, mlandu udzakhala wake. Ndi bwino iye atenge udindo woimba, pa nthawi imene agwirizana. Ndi bwinonso afunse dzina la amene akulankhula naye, alilembe pamodzi ndi nthawi.

Ndondomeko ya zopempha zake nayonso inaganiziridwa. Anayamba ndi chimene sichiwonongera olemba ntchito kalikonse, kusinthana malo pa mndandanda wa tsiku lomwelo. Kenako anatchula foni, imene imafuna chilolezo cha wapampando koma siisuntha aliyense. Tsiku lina analisunga kuti likhale pempho lomaliza, ndipo likafunika ayenera kutchula masiku enieni, Loweruka m'mawa kapena Lolemba, osati kunena kuti tsiku lililonse limene mungafune. Mawu amenewo amamveka aulemu, koma amasiyira wolemba ntchito katundu woganiza, ndipo munthu wotanganidwa akapatsidwa katundu wotere amangomuika pambali.

M'chitsanzo chathu tinene kuti ofunsa anali ndi anthu asanu ndi mmodzi, ndipo amayembekeza kutha cha m'ma 3 koloko. Wapampando akuvomera kudikira mpaka 4 koloko, osapitirira. Apa ntchito ya mtsikanayu sinathe. Akawoloka atumize meseji kuti wawoloka. Akakwera galimoto pa Nyimba atumizenso. Ofunsa amene akudziwa kuti munthu wadutsa pakutipakuti amadikira mosavuta kusiyana ndi amene angokhala osadziwa ngati akubwera. Ndipo ngati pofika 1 koloko madzi sanaphwe, aimbe nthawi yomweyo kuti lonjezo la 4 koloko silitheka, apemphe za foni zija. Kulonjeza nthawi yachiwiri n'kuiphonya mwakachetechete kumawononga kuposa kuphonya yoyamba.

Akalowa m'chipindamo, matope ali m'miyendo, apepese kamodzi, athokoze kuti amudikira, basi. Nthawi yotsalayo ndi ya mafunso a ulimi. Ena amathera mphindi khumi akufotokoza za mtsinje, n'kutuluka osanenapo kanthu za ntchito imene abwerera.

Maliro

Mtsinje ndi chifukwa chosavuta kufotokoza, pakuti aliyense wa ku Petauke waiona mvulayo. Maliro ndiwo amafuna nzeru. Kwathu kuno munthu sachoka pamudzi mtembo wa mayi ake uli m'nyumba, ndipo wolemba ntchito aliyense wa m'Zambia amadziwa zimenezi. Koma amadziwanso kuti maliro ndi chifukwa chimene anthu ena amachigwiritsa ntchito monama, mwakuti mawu akuti tili ndi maliro paokha salemera monga kale.

Chothandiza ndi kunena mwachindunji: amene wamwalira ndi ndani kwa inu, wamwalira liti, kuika kuli liti, ndipo inu mudzamasuka liti. "Bambo anga amwalira usiku wathawu, tiika mawa, Lolemba ndikhoza kufika." Chiganizo chimenechi chili ndi zonse zimene wapampando akufuna. Mukhozanso kunena kuti mudzabweretsa kalata ya anyakwawa kapena pepala la kuchipatala ngati lifunika. Nthawi zambiri sadzalifuna, koma kulitchula kumasonyeza kuti simukuopa kufufuzidwa.

Pali funso lina limene banja liyenera kuthandiza mwana kuliyankha. Ngati womwalirayo ndi wachibale wapatali, kapena ndi wa pamudzi woyandikana, kodi n'koyenera kuti mnyamata ataye intavyu imene wadikira zaka zitatu? Ine ndikuti akuluakulu amumasule. Akagone pamaliro, m'mawa apite, pobwera adzapepese kwa ofedwa. Achinyamata ambiri satha kupempha okha chilolezo chotere poopa kunenedwa, ndiye ndi udindo wa amalume kapena azakhali kuyamba kulankhula.

Za bodza ndinene mosabisa. Nyimba ndi Petauke ndi matauni aang'ono. Dalaivala wa bungwe, mlonda wa pageti kapena mmodzi wa ofunsa akhoza kukhala ndi apongozi kwa Luembe, kwa Nyalugwe, kwa Ndake kapena kwa Mwape, ndipo maliro a m'mudzi sabisika. Munthu akapha agogo ake ndi pakamwa kuti apeze tsiku lina, zikadziwika sataya ntchito imeneyo yokha. Dzina lake limayenda m'maofesi ena onse a pabomapo.

Lamulo silikakamiza wolemba ntchito kusintha tsiku. Lamulo la ntchito la Employment Code la 2019 limapatsa wantchito masiku 12 pa chaka a tchuthi cha zovuta monga imfa ya mkazi, mwamuna, kholo kapena mwana, koma limeneli ndi la amene analembedwa kale. Wofunsira ntchito amatetezedwa pa chinthu china: lamulo lomwelo limaletsa kusala munthu amene akufuna ntchito chifukwa cha pathupi, kulumala, mtundu kapena chipembedzo. Choncho mayi amene wagonekedwa m'chipatala chifukwa cha pathupi asaope kunena kuti ali m'chipatala. Komabe pa foni ya m'mawa uja si pamalo potchula malamulo. Mukupempha chifundo cha anthu amene ali ndi ufulu wokana, ndipo mawu anu amveke choncho.

Ngati avomera za foni

Kuyambira nthawi ya mliri wa korona mu 2020, mabungwe ambiri anazolowera kufunsa anthu pa foni kapena pa kanema, ndipo zimenezi zathandiza a kumidzi. Koma intavyu ya pa foni ili ndi misampha yake. Malo amene netiweki imagwira bwino pamudzi amadziwika, kaya ndi pachulu, kaya kuseri kwa sukulu. Mufikepo nthawi isanakwane ndipo muyese kuimbira munthu wina kuti mumve ngati mawu akumveka. Mukhale ndi nambala yachiwiri ya kampani ina, chifukwa pamene Airtel yafooka mwina MTN kapena Zamtel ikugwira, ndipo nambalayo muipereke kwa ofunsa pasadakhale. Muwauzenso poyamba kuti foni ikaduka muimbanso inuyo nthawi yomweyo. Ngati akufuna kanema koma netiweki siikwanitsa, nenani poyera ndi kupempha kuti mulankhule mawu okha.

Batire ndi tokotaimu zimagwetsa anthu ambiri kuposa mafunso. Chaka cha chilala cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse ngakhale m'matauni, ndipo nsanja zina za mafoni zinkazima nawo. Kumudzi vutoli ndi la chaka chilichonse nthawi ya mitambo, pamene sola siitchaja mokwanira. Amene waitanidwa ku intavyu aziona foni yodzaza moto ngati mbali ya zovala zake. Ndi bwinonso kujambuliratu reji, satifiketi ya Giredi 12 ndi mapepala a kukoleji, kuti akafunidwa atumizidwe msanga.

Kumva yankho

Mayankho a maofesi amafuna kuwamvetsa. Akakupatsani tsiku ndi ola, mwayi ulipo ndithu. Tumizani meseji yobwereza tsikulo, olalo ndi malo, kuti pasadzakhale kusamvana, ndipo ulendo uno mukagone pafupi, kwa wachibale pa Nyimba kapena ku Petauke komweko. Tsiku lachiwiri siliphonyedwa, ndipo lachitatu silipemphedwa.

Akati tikudziwitsani, osatchula tsiku, kawirikawiri ndiye kuti akuyembekeza kuona ngati mwa amene abwera mupezeka woyenera. Akapezeka, simudzamvanso kanthu. Akapanda kupezeka, kapena wosankhidwayo akakana malipiro, dzina lanu ndi limene lili pafupi. Dikirani masiku awiri a ntchito, mufunse kamodzi mwaulemu. Kuimba m'mawa ndi madzulo, kapena kutuma akhansala ndi abusa kuti akakulankhulireni, kumachititsa ofunsa kuuma mtima, chifukwa tsopano kukuthandizani kungaoneke ngati agonjera chikakamizo.

Akakana, thokozani ndipo pemphani kuti mapepala anu awasunge. Ntchito za ulangizi, zogula mbewu ndi zolembera alimi zimabwera ndi nyengo, ndipo woona za antchito yemweyo ndi amene adzasanje mayina ulendo wina. Iye amakumbukira amene anaimba 8 koloko ali pamtsinje, amakumbukiranso amene anangosowa. Koma wina akakuuzani kuti tsiku likhoza kusinthidwa mukatumiza kandalama pa foni, dziwani kuti mukulankhula ndi wakuba kapena wakatangale. Kusintha tsiku la intavyu sikulipiridwa kulikonse.

Chifukwa chimene sichitchulidwa

Pali chifukwa china chimene chimalepheretsa achinyamata ambiri a kwa Luembe kuposa madzi ndi maliro, ndipo ndi chimene amachita nacho manyazi kwambiri: ndalama ya ulendo. Munthu amavomera Lachiwiri ali ndi chiyembekezo choti mbuzi igulidwa kapena mlamu atumiza kanthu, Lachinayi usiku n'kupeza kuti sizinatheke. Apa mpamene mabodza a matenda amabadwira.

Vuto limeneli nthawi yake yolithetsa ndi pa foni yoyamba ija. Pamene akukuitanani, musathamangire kunena kuti inde bwana n'kudula. Nenani kumene mukuchokera, pakuti woimbayo mwina akungoona adiresi ya bokosi la positi la ku Nyimba n'kumaganiza kuti mumakhala pa boma. Pemphani nthawi ya masana m'malo mwa m'mawa. Funsani ngati intavyu ndi ya tsiku limodzi kapena awiri, ngati bungwe limabweza ndalama ya ulendo, ndiponso nambala imene mungaimbe mukakumana ndi vuto panjira. Pa Lachiwiri mndandanda umakhala usanasindikizidwe, ndipo kukuikani 2 koloko m'malo mwa 9 koloko n'kongosuntha dzina. Pa Lachisanu m'mawa chinthu chomwecho chimafuna chilolezo cha anthu atatu.

Ndipo ngati ndalama yakanikadi, nenani zoona mwachidule, kuti mayendedwe ochokera kwanu akanika ndipo mukupempha kufunsidwa pa foni kapena kufika Lolemba. Bungwe limene likufuna mlangizi wokagwira ntchito m'midzi ya m'chigwa likufuna munthu wodziwa njira zimenezo, wolankhula Chinsenga, amene sadzathawa mvula ikayamba. Olemba ntchito nawonso achitepo mbali yawo: kuitana munthu wa kwa Luembe Lachinayi madzulo kuti afike Lachisanu m'mawa, mwezi wa Febuluwale, n'kumuchotsa pa mndandanda asanafunsidwe n'komwe. Masiku asanu a chidziwitso ndi ola la masana kwa ochokera kutali sizidya ndalama ya bungwe ngakhale ngwee imodzi.